Kakonzedwe ka masilaidi ophunzitsira antchito atsopano a mu shopu kusamalira makasitomala

Eni mashopu ndi oyang'anira antchito a ku Nchalo, Ngabu ndi Bangula akhala akundifunsa funso limodzimodzi, loti kodi masilaidi ophunzitsira anyamata ndi atsikana amene angoyamba kumene ntchito pa kauntala angakonzedwe bwanji kuti ophunzirawo atuluke akudziwa chochita. Ndaona kuti ndi bwino kulemba yankho lonse pano kuti aliyense wofuna azingowerenga yekha. Silaidi ndi tsamba limodzi la zophunzitsira limene limaonetsedwa pa kompyuta kapena pa khoma kudzera mu pulojekita, ndipo mayina a mabatani amene nditchule ndi a pulogalamu ya PowerPoint. Amene amagwiritsa ntchito LibreOffice Impress, yomwe ndi yaulere, apezamo zida zofanana ngakhale mayina ena ndi osiyana.

M'malangizo onsewa ndigwiritsa ntchito chitsanzo chimodzi: golosale yokulirapo ya pa Nchalo, yokhala ndi ogulitsa atatu, woyang'anira mmodzi ndi foni imodzi yolandirira ndalama, imene mwini wake amakwera mtunda kawirikawiri kukaoda katundu ku Limbe.

1. Yambirani pa kauntala, kompyuta isanatsegulidwe

Tengani kope ndi cholembera, mukhale chapafupi ndi kauntala pa nthawi imene shopu imadzaza, monga kumapeto kwa mwezi antchito a ku minda ya nzimbe atalandira malipiro, kapena m'nyengo imene alimi akugulitsa thonje. Lembani nthawi iliyonse imene wogulitsa waima n'kuyamba kuyang'ana uku ndi uku, wafunsa mnzake, kapena wakangana ndi kasitomala. Musalembe maganizo anu monga akuti mnyamatayu ndi wamwano, koma lembani chimene chachitika: mayi wina wapereka K5,000, wogulitsa waiponya mu dirowa, ndipo pobweza chenji mayiyo akunena kuti anapereka ndalama ziwiri za K5,000. Mukatero funsani antchito akale kuti ndi zinthu ziti zimene zinawasowetsa mtendere sabata yawo yoyamba.

Cholakwika chimene ndimachiona kwambiri n'chakuti anthu amadumpha gawo lino n'kukatenga masilaidi opangidwa kale pa intaneti, okamba za masitolo akuluakulu a m'mizinda. Masilaidi otero amadzaza ndi mawu onga akuti wogulitsa akhale waulemu, wansangala ndi wodekha. Palibe wantchito amene amatsutsa zimenezi, komanso palibe amene amathandizidwa nazo pamene kutsogolo kwake kwaima bambo wokwiya, kumbuyo kwa bamboyo kuli mzere wofika pakhomo. Chimene wantchito watsopano amasowa ndi kudziwa chochita choyamba, chachiwiri, ndi pamene ayenera kusiya n'kuitana wamkulu.

2. Sankhani zochitika zitatu kapena zinayi zokha

Pa zonse zimene mwalemba mu kope, sankhani zimene zimachitika tsiku ndi tsiku komanso zimene zimataya ndalama kapena kasitomala zikalakwika. Mu golosale yathu ya chitsanzo, zimenezi ndi kulandira munthu akalowa, kubweza chenji, kulandira malipiro a pa foni, ndi kuthandiza wobweza katundu. Nkhani za ngongole, kunenerera mtengo ndi kuyala katundu m'mashelefu zisungireni phunziro lina, chifukwa munthu amene wangoyamba ntchito sangasunge zonse pa tsiku limodzi.

Chochitika chilichonse chipatseni masilaidi awiri kapena atatu: loyamba chojambula cha mabokosi ndi mivi chosonyeza ndondomeko yake, kenako mawu oyenera kunena, ndipo pomaliza kasewero koyeserera. Mukaonjezerapo silaidi yotsegulira ndi ina ya mapu a shopu, osonyeza khomo, kauntala ndi mashelefu pogwiritsa ntchito mabokosi wamba, mufika pa masilaidi apakati pa 10 ndi 14. Amenewa ndi okwanira phunziro la ola limodzi. Mutu wa silaidi iliyonse ukhale chiganizo chouza munthu chochita. Mutu wakuti "Chenji" sunena kanthu, pamene wakuti "Ndalama ya kasitomala ikhale poonekera mpaka chenji chaperekedwa" waphunzitsa kale ngakhale munthu asanayang'ane chojambula.

3. Gwiritsani ntchito zizindikiro zinayi, ndipo chilichonse chisasinthe tanthauzo

Bokosi la ngodya zinayi likutanthauza chinthu chimene wogulitsa akuchita. Dayamondi, kapena kuti bokosi loimirira pa nsonga, ikutanthauza funso limene yankho lake ndi inde kapena ayi. Bokosi lozungulira m'mbali likusonyeza pamene nkhani yayambira ndi pamene yathera. Muvi ukusonyeza kolowera. Zizindikiro zimenezi ndi zomwe amagwiritsa ntchito anthu ojambula ndondomeko za ntchito kulikonse, ndipo mu PowerPoint mabokosi atatuwo mumawapeza pa Insert, kenako Shapes, m'gulu la Flowchart, ndi mayina akuti Process, Decision ndi Terminator.

Fotokozani zizindikirozi pa silaidi yachiwiri ndi chitsanzo chaching'ono chimene aliyense akuchidziwa, monga funso lakuti kodi kasitomala wabwera ndi jumbo yake. Pambuyo pake musaonjezere chizindikiro china, ndipo musagwiritse ntchito dayamondi pongokongoletsa, chifukwa ophunzira akazolowera kuti dayamondi ndi funso, amaima paliponse pamene aiona.

4. Jambulani choyamba chochitika chopanda mphambano

Kubweza chenji ndi poyambira pabwino chifukwa ndondomeko yake imangoyenda chamtsogolo, kuchokera kumanzere kupita kumanja. Mabokosi asanu ndi okwanira. Loyamba likuti "Nenani mtengo wonse mokweza". Lachiwiri likuti "Nenani ndalama imene mwalandira". Lachitatu likuti "Iikeni pamwamba pa dirowa". Lachinayi likuti "Werengani chenji m'manja mwa kasitomala". Lachisanu likuti "Ikani ndalama mu dirowa, thokozani". Onani kuti bokosi lililonse layamba ndi mawu olamula ndipo lili ndi chochita chimodzi chimene munthu woima patali angachione kuti chachitika kapena ayi. Ngati simungathe kuona ndi maso kuti wogulitsa wachita zimene zili m'bokosi, ndiye kuti mawu a m'bokosilo sanapse.

Pansi pa mabokosiwo ikani chitsanzo chimodzi cha manambala. Katundu wakwana K3,700 ndipo kasitomala wapereka K5,000. Wogulitsa asayambe ndi kuchotsera m'mutu, koma awerenge chokwera kuyambira pa mtengo: apereke K100 ndi K200 n'kunena kuti zakwana K4,000, kenako apereke K1,000 n'kunena kuti zakwana K5,000. Jambulani zimenezi ngati makwerero atatu, K3,700 pansi, K4,000 pakati, K5,000 pamwamba, ndi ndalama yoperekedwa yolembedwa pa sitepe iliyonse. Kasitomala amene wamva kuwerenga kotereku amachoka atakhutira kuti K1,300 yake yakwana, ndipo ndalama imene anapereka idakali poonekera ngati pangabuke mkangano.

5. Jambulani mphambano, ndipo apa ndi pamene pali ntchito yeniyeni

Malangizo ambiri amangoti jambulani chojambula cha inde ndi ayi, ngati kuti mayankho ake alipo kale ndipo chatsala ndi kuwaika m'mabokosi. M'mashopu ambiri mayankhowo kulibe. Mwini shopu amaweruza nkhani iliyonse payokha malinga ndi amene wabwera, antchito akale aliyense ali ndi njira yake, ndipo palibe amene anakhalapo pansi kugwirizana chimodzi. Mukayamba kujambula dayamondi, mpata umenewu umaonekera poyera, chifukwa muvi uliwonse wotuluka mu dayamondi umafuna kokathera. Choncho gawo lino lichitikire pa pepala, ndi pensulo, muli pamodzi ndi mwini shopu komanso woyang'anira.

Titenge malipiro a pa foni, kaya a Airtel Money kapena a TNM Mpamba. Kasitomala wagula katundu wa K12,500, wadinadina pa foni yake n'kunena kuti watumiza, ndipo akukuonetsani uthenga pa foniyo. Anthu ambiri poyamba amalemba mu dayamondi funso lakuti "Kodi kasitomala walipira?" Funso limeneli ndi lopanda ntchito, chifukwa ndi lomwelo limene wogulitsa akusowa yankho lake. Ena amalemba kuti "Kodi kasitomalayu ndi wodalirika?", ndipo limeneli ndi loipa koposa, chifukwa likupatsa mtsikana wa sabata imodzi pa ntchito udindo woweruza khalidwe la munthu wamkulu pomuyang'ana nkhope. Funso loyenera kulowa mu dayamondi ndi limene wogulitsa angaliyankhe poyang'ana chinthu chimene chili m'manja mwake, popanda kuganizira za munthuyo. Motero dayamondi yoyamba ikhale yakuti "Kodi uthenga wafika pa foni ya shopu?"

Ngakhale funso limeneli lili ndi chibowo. Uthenga wonga wa malipiro munthu angathe kuulemba ndi manja n'kuutumiza ku foni ya shopu kuchokera pa nambala wamba, pamene uthenga weniweni umabwera ndi dzina la kampani pamalo a wotumiza. Choncho mawu a mu dayamondi asinthe n'kukhala akuti "Kodi uthenga wochokera ku kampani wafika pa foni ya shopu?", ndipo pambali pake muike zithunzi ziwiri za nkhope ya foni, china cha uthenga weniweni ndi china cha uthenga wochokera pa nambala wamba, mutazunguliza pamene pali dzina la wotumiza. Musanaike zithunzizo pa silaidi, fufutani mayina ndi manambala a makasitomala.

Muvi wa INDE upite ku dayamondi yachiwiri, yofunsa kuti "Kodi ndalama zake ndi K12,500?" Pa silaidi yeniyeni mungalembe kuti "Kodi ndalama zikufanana ndi mtengo?", koma pophunzitsa gwiritsani ntchito nambala yeniyeni, chifukwa K1,250 ndi K12,500 zimafanana kwambiri kwa munthu amene akuyang'ana foni mothamanga. Ngati zikufanana, bokosi lotsatira likuti "Lembani nambala ya malipiro mu kope", ndipo lomaliza likuti "Perekani katundu ndi risiti". Ngati zaperewera, wogulitsa anene ndalama imene yatsala kuti kasitomala aonjezere. Nanga zikapitirira, mwachitsanzo munthu watumiza K15,200 chifukwa chosemphanitsa manambala? Apa mufunse mwini shopu ngati wogulitsa ali ndi chilolezo chobweza zotsalazo kuchokera mu dirowa. Eni mashopu ambiri amayamba ayankha kuti zimatengera. Musajambule muvi mpaka atanena chimene zimatengeracho, kaya ndi kuchuluka kwa ndalama kapena kupezeka kwa woyang'anira.

Muvi wa AYI wa dayamondi yoyamba ndi wovuta kuposa yonse. Netiweki ikavuta, uthenga umachedwa ngakhale ndalama zitalowa, choncho kusafika kwa uthenga sikutanthauza kuti kasitomala akunama. Njira yotsimikizira ndi kuona ndalama zimene zili mu akaunti ya shopu, podina *211# pa Airtel Money kapena *444# pa Mpamba, kapena kutsegula pulogalamu ya kampaniyo pa foni. Koma kuti munthu aone ndalama zimenezo pamafunika nambala yachinsinsi, ndipo eni mashopu ambiri sapereka nambala imeneyi kwa wantchito watsopano, zomwe n'zomveka. Ngati mungalembe m'bokosi kuti "Onani balansi" pamene wophunzirayo alibe nambala yachinsinsi, mwamupatsa lamulo limene sangathe kulitsatira, ndipo tsiku limene zidzachitike adzangopereka katundu chifukwa cha manyazi kapena adzamukaniza kasitomala mwaukali. Bokosi loona ndi lakuti "Ikani katundu pambali, itanani woyang'anira".

Musaimire pomwepo. Funsani kuti woyang'anira akakhala kuti wapita kukadya, mwini shopu ali ku Limbe ndipo foni yake sikupezeka, wogulitsa achite chiyani. Mu golosale yathu tinene kuti agwirizana izi: wogulitsa adikire mphindi 5 akuthandiza wotsatira pa mzere, ndipo uthenga ukapanda kufika alembe mu kope dzina la kasitomala, nambala yake ya foni, ndalama ndi nthawi, asunge katunduyo mu jumbo yolembedwa dzina, ndipo amuuze kasitomalayo nthawi imene woyang'anira abwere. Shopu ina ingathe kugwirizana zosiyana ndi izi, mwina kulola katundu wosapitirira ndalama zakutizakuti kuti atuluke. Chofunika n'chakuti chigamulocho chipangidwe ndi mwini shopu masilaidi asanaonetsedwe, ndipo alembe dzina lake pa pepala limene mwajambulapo, kuti mawa asadzadule malipiro a wantchito amene watsatira chojambula chimene iye mwini anavomereza.

Mukamaliza mupeza kuti chojambulachi chakula. Musachipanikize pa silaidi imodzi. Lamulo limene ndimatsatira ndi lakuti silaidi imodzi isapitirire madayamondi awiri ndi mabokosi 7. Silaidi yoyamba ikhale ya njira imene zonse zayenda bwino, ndipo muvi wa AYI uthere pa bokosi lozungulira lolembedwa kuti "Pitani ku silaidi yotsatira: uthenga sunafike". Silaidi yachiwiri iyambe ndi bokosi lomwelo, la mtundu womwewo, kuti maso a wophunzira alumikize ziwirizi. Bokosi lililonse limene likuti "itanani woyang'anira" lipatseni mtundu umodzi m'masilaidi onse ndi mzere wochindikala m'mbali, chifukwa pamenepo ndi pamene mphamvu za wogulitsa zathera, ndipo wantchito watsopano ayenera kuwadziwa malo amenewo kuposa china chilichonse.

Pomaliza pa gawo lino, ikani mawu oyenera kunena pambali pa muvi wa AYI, mu kabokosi ka mawu kamene mumakapeza m'gulu la Callouts. Nthawi zambiri mkangano umayambira pa chiganizo choyamba chimene wogulitsa watulutsa. Akanena kuti "Simunalipire", wamutcha munthu wakuba pamaso pa anthu. Mu kabokosiko mulembe kuti: "Pepani amayi, uthenga sunafike kuno, mwina ndi netiweki. Katundu wanu ndakusungirani apa, tadikirani pang'ono tionetsetse." Mawu amenewa sakuvomereza kuti ndalama zalowa, komanso sakumuimba mlandu kasitomalayo. Kuno ku chigwa ogula ambiri amalankhula Chisena kapena Chimang'anja, choncho funsani wantchito amene anakulira m'chilankhulocho kuti alembe mawu omwewo m'kanenedwe kake, muwaike pansi pa a Chichewa. Musawamasulire nokha ngati simuchilankhula bwino.

Chojambula cha wobweza katundu chikonzeni m'njira yomweyi. Mafunso ake akhale ooneka ndi maso, monga ngati pali risiti kapena malondawo analembedwa mu kope, ndiponso ngati katunduyo ndi wowonongeka kapena wodutsa tsiku lake. Muvi uliwonse usathere pa mawu akuti "kanani" popanda woyang'anira kuona, chifukwa ogula ali ndi ufulu wotetezedwa ndi malamulo a dziko lino, ndipo bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo awo.

6. Samutsirani chojambula cha pa pepala mu kompyuta

Tsopano tsegulani PowerPoint. Siyani kukula kwa silaidi pa Widescreen (16:9), sankhani tsamba loyera ndi zilembo zakuda. Zipinda zambiri zophunzitsiramo kuno zimakhala zowala, mazenera ali otsegula chifukwa cha kutentha, ndipo silaidi ya tsamba lakuda simaoneka bwino pa khoma masana. Zilembo za mutu zikhale za saizi 32 kapena 36, za m'mabokosi zisachepere 24. Mawu a Chichewa ndi aatali, choncho akakana kukwana m'bokosi, fupikitsani chiganizo kapena kulitsani bokosi, koma musachepetse zilembo. Dayamondi imadya malo ambiri m'ngodya zake, motero funso lalitali mungalilembe pamwamba pake n'kusiya chizindikiro cha funso chokha mkati.

Jambulani bokosi limodzi, mulikonze bwino, kenako dinani Ctrl+D kuti mupeze ena ofanana nalo kukula. Sankhani mabokosi onse, pitani pa Shape Format, kenako Align, musankhe Align Middle ndi Distribute Horizontally kuti afole bwino ndi mipata yofanana. Pa mivi ndi pamene ambiri amalakwitsa, chifukwa amangojambula mzere pafupi ndi bokosi osaulumikiza, ndipo akasuntha bokosi limodzi mivi yonse imatsala yolendewera. Sankhani muvi m'gulu la Lines, mubweretse mbewa ya kompyuta pa bokosi mpaka timadontho tionekere m'mbali mwake, muyambire pa kadontho kamodzi n'kukathera pa kadontho ka bokosi linalo. Kuti mudziwe ngati walumikizika, sunthani bokosilo pang'ono: muvi wolumikizika umalitsatira. Pamene muvi ukufunika kukhota, gwiritsani ntchito Connector: Elbow Arrow.

Mivi isadutsane. INDE azipita kumanja nthawi zonse ndipo AYI azitsika pansi, m'masilaidi onse. Lembani mawu akuti INDE ndi AYI pambali pa muvi uliwonse wotuluka mu dayamondi, ndipo musadalire mtundu wobiriwira ndi wofiira pawokha, chifukwa pali anthu amene sasiyanitsa bwino mitundu iwiriyi, komanso ikasindikizidwa pa makina a inki yakuda imaoneka pafupifupi yofanana. Pa View pali batani la Grayscale limene limakuonetsani mmene silaidi idzaonekere ikasindikizidwa choncho.

Kompyuta idzalemba mizere yofiira pansi pa mawu onse a Chichewa. Mizereyo siioneka poonetsa masilaidi, koma chenjerani ndi kusintha mawu kumene pulogalamuyi imachita yokha pofuna kuwafanizira ndi a Chingerezi, ndipo werenganinso bokosi lililonse mukamaliza. Zonse zimene mukufuna kufotokoza pakamwa, monga chifukwa chake ndalama ikhale pamwamba pa dirowa, zilembeni m'malo a Notes pansi pa silaidi, kuti woyang'anira wina adzathe kuphunzitsa inu kulibe. Ngati mukufuna kuti mabokosi azituluka limodzilimodzi, gwiritsani ntchito Appear yokha pa Animations. Zouluka ndi zozungulira zimangoseketsa anthu n'kuwachotsa pa phunziro.

7. Yesani chojambula pa munthu amene sanachionepo

Sindikizani silaidi ya malipiro a pa foni, muipereke kwa munthu amene sanagwirepo ntchito mu shopu yanu, ndipo musamufotokozere kalikonse. Muuzeni kuti inu ndinu kasitomala, mwagula katundu wa K12,500 ndipo foni ya shopu yalandira uthenga wa K12,000. Aike chala pa bokosi loyamba n'kumatsatira mivi akunena mokweza chimene akuchita. Pamene chala chaima, kapena pamene wakufunsani kuti "ndiye apa nditani?", pali vuto la chojambula, ndipo muikepo chizindikiro. Mukayamba kumuthandiza pakamwa mwawononga mayesowo, chifukwa pa kauntala sipadzakhala womunong'oneza.

Zolakwika zimene zimapezeka pa mayesowa zimakhala za mitundu yodziwika. Pena dayamondi ili ndi muvi umodzi wokha wotuluka. Pena funso lili ndi mafunso awiri mkati mwake, monga lakuti "Kodi uthenga wafika ndipo ndalama zakwana?", kotero kuti yankho la ayi silikudziwika kuti likukana chiti. Pena muvi ukubwerera m'mbuyo popanda potulukira, ndipo kasitomala angadikire uthenga mpaka shopu kutsekedwa. Yesaninso ndi wantchito wakale, amene adzakuuzani msanga ngati chojambulacho chikunena zimene sizichitika mu shopumo.

8. Konzekerani tsiku lophunzitsa

Sungani masilaidiwo ngati PDF kudzera pa File, kenako Save As kapena Export, kuti atseguke pa foni iliyonse popanda mabokosi kusuntha. Sindikizaninso zojambula zikuluzikulu pa mapepala a A4, silaidi imodzi pa pepala limodzi, posankha Full Page Slides. Magetsi akazima kapena pulojekita ikadzizimitsa chifukwa cha kutentha, zomwe zimachitika m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala m'chipinda cha malata, phunziro lipitirire ndi mapepalawo. Ngati ophunzira ndi awiri kapena atatu, pulojekita siyofunika n'komwe, laputopu pa tebulo ndi yokwanira. Phunzitsani m'mawa shopu isanatsegulidwe, ndipo pewani tsiku la msika ndi masiku a malipiro.

Pa chochitika chilichonse, onetsani chojambula kwa mphindi zochepa, kenako dinani B kuti chithunzi chizime ndipo ophunzira aimirire kukayeserera pa kauntala yeniyeni, ndi dirowa yeniyeni ndi foni ya shopu. Wina akhale kasitomala, wina wogulitsa, wachitatu agwire pepala n'kumatsatira ndi chala kuti aone ngati pali bokosi limene ladumphidwa, kenako asinthane. Amene akusewera ngati kasitomala muuzeni mwachinsinsi kuti aumirire ndithu, anene kuti minibasi ya ku Nsanje ikumusiya, chifukwa wogulitsa amene wangoyeserera ndi kasitomala wofatsa sanayesedwe. Pomaliza perekani kwa aliyense chojambula cha mabokosi opanda mawu kuti adzaze yekha. Bokosi limene ambiri alephera kudzaza ndi limene muyenera kubwereza mawa lake.

Zojambula ziwiri zofunika kwambiri, cha chenji ndi cha malipiro a pa foni, ziikeni m'mapepala apulasitiki n'kuzimata mkati mwa kauntala, pamene wogulitsa akuona koma kasitomala sakuona. Pansi pa silaidi iliyonse lembani tsiku limene yakonzedwa. Mwini shopu akasintha lamulo, mwachitsanzo akayamba kulola wogulitsa wina kusunga nambala yachinsinsi, sinthani chojambulacho tsiku lomwelo, sindikizani chatsopano, ndipo chakalecho muchichotse pa kauntala n'kuching'amba kuti pasakhale mapepala awiri onena zosiyana.